Ndimadzuka thupi osagwedezeka, maloto nawo anyanya: chikundichitikira n'chiyani?

"Adokotala, ndine bambo wa zaka 34. Kwathu ndi ku Balaka koma ndimakhala ku Rosettenville. Ndimagwira ntchito ya ulonda ku Randburg kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, masiku anayi otsatizana, kenako ndimapuma awiri. Ndimagona cha m'ma 8 m'mawa koma pofika 12 koloko ndimakhala ndadzuka chifukwa cha phokoso. Kuti ndisawodzere pantchito ndimamwa chakumwa chopatsa mphamvu cha m'chitini cha m'ma 4 m'bandakucha, ndipo tsiku lopuma ndimamwako mowa kuti tulo tibwere. Kwa miyezi itatu tsopano ndimadzidzimuka kutulo, maso akuona koma thupi osagwedezeka, mawu osatuluka, ngati wina wandikhalira pachifuwa. Nthawi zina ndimaona chimunthu chitaima pakhomo. Ndimalotanso kwambiri, mwina anthu akundithamangitsa, mwina malemu mayi anga akundiitana kudzadya. Anzanga akuti wina kumudzi akundichitira nsanje poti ndikumanga nyumba. Kodi maloto amachokera kuti? Ndikufa kodi?"

Achimwene, pepani kwambiri. Ndiyankhe kaye funso lomalizalo kuti mtima ukhale m'malo: simukufa. Kupanikizidwa kutulo kwa mtundu umenewu kumaopsa zedi, koma sikupha, sikuumitsa ziwalo, ndipo si chiyambi cha misala. Ofufuza atasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana mu 2011 anapeza kuti pafupifupi anthu 8 mwa 100 aliwonse zinawachitikirapo kamodzi kapena kuposa pa moyo wawo, ndipo pakati pa ana asukulu zapamwamba, amene amagona mosalongosoka, chiwerengero chinapitirira 25 mwa 100. Pa zaka zimene ndakhala ndikuona odwala kuno ku Joni, ambiri obwera ndi dandaulo ili ndi alonda, anamwino, ogwira ntchito pamalo omwetsera mafuta ndi madalaivala a mathiraki. Onsewa chimodzi n'chofanana: amagona nthawi imene thupi silikuyembekezera kugona.

Kuti mumvetse chimene chikukukhalirani pachifuwacho, ndiyenera kukutengani kaye m'chipinda chimene timayezera tulo.

Munthu amabwera madzulo, timamumata timawaya pamutu, m'mbali mwa maso ndi pachibwano. Ta pamutu timamvetsera magetsi a ubongo, ta m'mbali mwa maso timaona ngati maso akuyenda, ndipo ta pachibwano timatiuza ngati minofu ili yolimba kapena yalefuka. Akagona, ife timakhala pa kompyuta kuonerera mizere ikuyenda, n'kumadula usiku wonse m'tizigawo ta masekondi 30. Kachigawo kalikonse timakalemba chizindikiro: N1, N2, N3 kapena REM. Amenewa ndiye magawo anayi a tulo monga momwe akatswiri akuwawerengera kuyambira 2007. Kale ankawerenga asanu, koma awiri akuya kwambiri anawaphatikiza.

Gawo la N1 ndi kusinza kuja, kumene mutu umagwa uli m'takisi pa Bree koma wina akakugwedeza umakana kuti sunagone. Limatenga mphindi zochepa chabe. Ndi pamene munthu amadzidzimuka ngati waphonya sitepe. N2 ndi tulo tenitenito koma tosaya kwambiri: mtima umayamba kugunda pang'onopang'ono, thupi limazizirako, ndipo pafupifupi theka la usiku wonse limathera m'gawo limeneli. N3 ndi tija timati tulo tofa nato. Pa kompyuta mizere imasanduka mafunde akuluakulu oyenda mwaulesi, ngati a panyanja mwera utangoleka. Munthu wa m'gawo ili ndi wovuta kumudzutsa, ndipo akadzuka amakhala wosokonezeka kwa kanthawi. Mwana amene mwamunyamula kuchoka pamphasa kukamugoneka osadziwa kanthu amakhala ali mu N3. Kuyenda kutulo nakonso kumachokera muno, osati m'maloto monga ambiri amaganizira.

Gawo lachinayi ndiye mwini nkhani yanuyi. Linadziwika mu 1953 ku yunivesite ya Chicago, pamene wophunzira wina, Eugene Aserinsky, pamodzi ndi mphunzitsi wake Nathaniel Kleitman, analemba kuti pa nthawi zina za usiku maso a munthu wogona amathamangathamanga pansi pa zikope. Mmodzi mwa anthu oyamba amene Aserinsky anawamata mawaya anali mwana wake yemwe, wa zaka 8. Zilembo za REM zimaimira kuthamanga kwa maso kumeneku m'Chingerezi. Chodabwitsa chinali chakuti pa nthawi imeneyo mizere ya ubongo inkaoneka ngati ya munthu amene ali maso, ndipo akamudzutsa wogonayo pomwepo, kawirikawiri ankasimba loto lomveka bwino. Mpaka lero, mukadzutsa anthu 10 ali m'gawo ili, pafupifupi 8 adzakuuzani zimene amalota.

Ine chimene chimandigwirabe mtima, ngakhale ndachiona kambirimbiri, ndi mzere wa pachibwano uja. Munthu akangolowa mu REM, mzere umenewo umagwa n'kukhala phee. Ubongo uli piringupiringu, maso akuthamanga, mtima ukusinthasintha kagundidwe, koma minofu ya manja, miyendo, khosi ndi msana yazimitsidwa. Amene amazimitsa ndi kachigawo ka patsinde la ubongo, cha kunkhongo, kamene kamatumiza uthenga kumsana woletsa mitsempha yoyendetsa minofu. Katswiri wa ku France, Michel Jouvet, ndi amene anaonetsa zimenezi pa amphaka mumzinda wa Lyon. M'zaka za m'ma 1960 anaononga kachigawo kameneka pa amphaka ena, ndipo amphakawo akalowa m'tulo ta maloto ankadzuka ali chigonere, kuyamba kunyang'ama ndi kumbwandira mbewa zomwe panalibe. Ndiye kuti kuuma thupi kumene kukukuopsaniko kumakuchitikirani usiku uliwonse kuyambira ubwana wanu, kanayi kapena kasanu, ndipo ndi kumene kumakutetezani kuti pamene mukuthawa adani kumaloto musakagunde khoma kapena kumenya mnzanu wogona naye. Kungoti masiku onse mumakhala simukudziwa.

Magawo amenewa samabwera mwachisawawa. Titenge munthu amene wagona 10 koloko usiku n'kudzuka 6 koloko m'mawa. Amatsika kuchoka mu N1 kulowa mu N2, kenako mu N3 mmene amakhalitsa ndithu, n'kukweranso, ndipo patatha pafupifupi ola limodzi ndi theka amalowa mu REM koyamba. Ulendo woyambawu REM imakhala yaifupi, mwina mphindi 5 kapena 10. Kenako kuzungulira kumayambiranso, ndipo kumachitika kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi usiku umodzi. Koma maulendowa safanana. Tulo tofa nato timachuluka m'maola oyambirira, pofika cha m'ma 3 timakhala titatsala pang'ono kutha, pamene REM imanka italika mpaka ya m'bandakucha imatha kupitirira theka la ola. N'chifukwa chake maloto amene timawakumbukira ambiri ndi a tambala atalira. Pa usiku wonse, REM imatenga pakati pa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi mwa anayi, kutanthauza ola limodzi ndi theka mpaka maola awiri.

Chimene chimakonza dongosolo limeneli ndi zinthu ziwiri, ndipo pa inu ziwirizi zikukokana. Choyamba ndi njala ya tulo. Munthu akakhala maso nthawi yaitali, mu ubongo mumaunjikana mankhwala ena achilengedwe otchedwa adenosini, ndipo akachuluka tulo tofa nato timabwera mwamphamvu. Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi, kagulu ka maselo kamene kali kuseri kwa maso ndipo kamatsatira kuwala kwa dzuwa. Wotchi imeneyi ndi imene imaika nthawi ya REM, ndipo imaiika cha m'bandakucha ndi m'mawa, pamene thupi lazizira kwambiri. Siidziwa za rositala ya kuntchito kwanu. Mukatuluka pageti 6 koloko dzuwa n'kukuwombani m'maso, iyo imangoti kwacha.

Tsopano tiwerengere limodzi. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7 pa tsiku. Masiku anayi ndiye kuti maola 28. Inu mukupeza 4 pa tsiku, onse pamodzi 16. Pomafika tsiku lopuma muli ndi ngongole ya maola 12, ndipo thupi siliiwala ngongole. Mu 1960 William Dement, wophunzira winanso wa Kleitman, ankadzutsa anthu nthawi iliyonse akangolowa mu REM. Usiku uliwonse wotsatira ankafunika kuwadzutsa kambiri kuposa dzulo lake, chifukwa ubongo unkaumirira kubwerera komweko, ndipo atawasiya kuti agone mwaufulu analota nthawi yaitali kuposa masiku onse. Ubongo umabweza REM imene unamanidwa, ndipo imabwera yowirira.

Onjezani pamenepo nthawi imene mumagonera. 8 koloko m'mawa ndi nthawi imene wotchi ya m'thupi ikukankhirabe REM mwamphamvu. Choncho m'malo modikira ola ndi theka, inu mutha kugwera m'maloto patangopita mphindi zochepa chigonereni, maganizo asanazime bwinobwino. Chitini chija nachonso chili m'magazi. Zambiri mwa zakumwa zimenezi za theka la lita zimakhala ndi kafeini wokwana pafupifupi mamiligalamu 160, ndipo thupi limatenga maola ngati 5 kuti lichotse theka lake. Mukamwa 4 koloko, pofika 9 koloko mukadali ndi mamiligalamu ngati 80, omwe ndi ofanana ndi kapu ya khofi. Kafeini amatseka malo amene adenosini uja amagwirapo, motero tulo timakhala topepuka, todukaduka. Wailesi ya oyandikana nawo ikalira kapena chitseko chikamenyetsedwa, mbali ya ubongo yozindikira imadzuka msanga, pamene kachigawo ka kunkhongo kaja sikanamasule minofu. Pamenepo ndi pamene mumapezeka muli maso m'thupi lomwe likadali m'tulo ta maloto. Ofufuza a ku Japan mu 1992 anachita kuziyambitsa dala zimenezi pa achinyamata athanzi, pongowadzutsa pakati pa tulo n'kuwalola kugonanso pa nthawi imene REM yayandikira.

Nanga kulemera kwa pachifuwa? Mu REM, minofu ya pakati pa nthiti nayo imalefuka, ndipo kupuma kumatsalira kwa mnofu waukulu wa pansi pa mapapo umene suzimitsidwa. Mpweya umalowa wokwanira, koma mwamantha mumafuna kukoka mpweya wambiri, nthiti n'kukana. Ubongo umafuna chifukwa chake, ndipo poti ukadali m'kati molota, umachipanga: pali wina wandikhalira. Chimunthu cha pakhomo chimabadwa chimodzimodzi. Maso akuona chipinda chenicheni, jekete lopachikidwa pachitseko, mthunzi wa katani, ndipo loto limadzaza zotsalazo. Anthu a m'mayiko ambiri amachiona chinthu chimenechi, aliyense n'kuchitcha dzina la kwawo. Ku Newfoundland, chilumba cha ku Canada, amati ndi nkhalamba yaikazi, ku China amati mzukwa wakutsamira pabedi, ku Egypt ambiri amati ndi jini, kwathu timati afiti. Zochitika m'thupi ndi zimodzimodzi konseko.

Sindikunena izi pofuna kupeputsa chikhulupiriro chanu kapena cha anzanuwo. Ngati mumapemphera musanagone, pitirizani, chifukwa mtima wodekha umagona bwino. Chimene chimandipweteka ndi kuona munthu akudana ndi amalume ake kapena mchemwali wake, mwinanso kuwononga ndalama za malata kwa asing'anga, pa chinthu chomwe chinayamba ndi mashifiti. Ndipo mantha amadyetsa vutoli: woopa kugona amagona mochedwa ndi mopepuka, ngongole imakula, kupanikizidwa n'kuchuluka.

Tibwere ku funso lanu lalikulu, la kumene maloto amachokera. Makina ojambula ubongo atayamba kugwiritsidwa ntchito pa anthu ogona m'zaka za m'ma 1990, anaonetsa kuti mu REM mbali zina zimayaka pamene zina zimazirala. Zimene zimayaka kwambiri ndi za zithunzi, za zikumbukiro, ndi kachigawo kooneka ngati mtedza kotchedwa amigidala, kamene kamayang'anira mantha. Imene imazirala ndi mbali ya kuseri kwa chipumi, yomwe masana imatifunsa kuti kodi izi n'zomveka? Ndiye musadabwe kuti kumaloto mutha kukhala pa Park Station, kutembenuka n'kupezeka pamsika wa Balaka, osaona chachilendo. Wofunsa mafunso uja wagona. Komanso mankhwala a mu ubongo otchedwa noradirenalini, amene amathandiza kusunga zinthu zatsopano m'mutu, amatsika kwambiri mu REM, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene loto limasungunukira tisanasambe n'kumaso komwe. Timakumbukira makamaka loto limene tadzukira m'kati mwake. Choncho mbali ina ya kulota kwambiri kwanuko ndi yakuti mukudzuka pafupipafupi n'kumagwira maloto amene kale ankadutsa osawadziwa.

Pa chifukwa chimene timalotera, akatswiri amagawanika, ndipo ndikuuzani maganizo amene ali ndi umboni kumbuyo kwake. Mu 1977 Allan Hobson ndi Robert McCarley a ku Harvard ananena kuti tsinde la ubongo limangoponya timauthenga mwachisawawa, ndipo ubongo wapamwamba umayesa kulumikiza zidutswazo kukhala nkhani. Kwa zaka zambiri ili linali yankho lotchuka. Amene analigwedeza kwambiri ndi munthu amene anaphunzira konkuno pa yunivesite ya Wits, Mark Solms, yemwe pambuyo pake anakhala pulofesa ku yunivesite ya Cape Town. Iye anafunsa odwala mazana angapo ovulala ubongo za maloto awo, ndipo zimene anafalitsa mu 1997 zinaonetsa kuti ena anasiyiratu kulota ngakhale tsinde la ubongo, lomwe limayambitsa REM, linali losakhudzidwa. Ovulala malo ena ake akutsogolo, okhudzana ndi chilakolako ndi kufunafuna zinthu, maloto awo anazima. Ndiye kuti REM ndi loto si chinthu chimodzi, ngakhale zimayendera limodzi kawirikawiri. Ndipo n'zoona kuti munthu amalotanso mu N1 ndi N2, kungoti maloto ake nthawi zambiri amakhala aafupi, ofanana ndi maganizo wamba.

Umboni wina wamphamvu ndi wokhudza kukumbukira. Mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anaika timawaya mu ubongo wa makoswe amene ankafunafuna chakudya m'bwalo, ndipo anaona kuti maselo amene ankayaka limodzi masana ankayakanso limodzi khosweyo atagona. Ubongo unkabwereza phunziro. Kwa anthu n'chimodzimodzi: zimene taphunzira masana zimakhazikika bwino tikagona. Aliyense amene anakhalapo tsiku lonse akupalira kapena akutong'ola chimanga amadziwa kuti akangotseka maso amaona mizere ndi njere. Ena amapitiriza kunena kuti REM imasakaniza zatsopano ndi zakale, makamaka zimene zatikhudza mtima, n'kuzichepetsa ululu pang'onopang'ono. Winanso, Antti Revonsuo wa ku Finland, mu 2000 ananena kuti maloto ndi bwalo loyesererapo zoopsa, poona kuti anthu kulikonse amalota kwambiri akuthamangitsidwa, akugwa kapena akuukiridwa.

Ine, pa zimene ndaona kwa odwala, ndimatsamira ku mfundo imene kafukufuku wa maloto zikwizikwi amaitsimikizira: timalota zimene zili pamtima. Loto silibwereza tsiku monga linalili, koma limatenga nkhawa zathu ndi anthu athu. Munthu amene ntchito yake ndi kukhala tcheru usiku wonse kudikira achifwamba, ubongo wake ukamayeserera zoopsa udzatenga chiyani china kupatula kuthamangitsidwa?

Za mayi anu ndizinene mosamala, chifukwa ndikudziwa zimene kwathu timaopa womwalira akatiitana kapena kutipatsa chakudya kutulo. Kulota malemu n'kofala kwambiri pakati pa anamfedwa, ndipo kumapitirira zaka. Kumachuluka munthu akakhala kutali ndi kwawo, makamaka ngati maliro sanawaone, monga zimatichitikira ambiri kuno. Inu mukumanga kumudzi, maganizo anu tsiku lililonse ali pabwalo limene munakulira, ndipo mumagona mutatopa, mwina ndi njala. Mawu amene ubongo wanu unawamva kambiri pabwalo limenelo ndi a mayi akuitana ana kuti nsima yapsa. Sindinaonepo wodwala amene loto lotere linamufupikitsira moyo. Ndaona ambiri amene linawaliritsa, ndipo atasiya kuliopa anayamba kulilandira ngati kucheza.

Mowa uja ndikupemphani muuonenso. N'zoona kuti umagonetsa msanga, koma umapondereza REM m'maola oyamba. Ukamatha m'magazi pakati pa usiku, REM imabwerera mwaukali, pamodzi ndi ngongole ya masiku anayi ija, ndipo tulo timadukaduka. Ngati mutayang'ana bwino, ndikukhulupirira mupeza kuti maloto oopsa kwambiri amabwera m'bandakucha wa usiku umene mwamwa. Osuta chamba akasiya amakumana ndi zofananazo kwa milungu ingapo.

Ntchito simungaisiye, ndikudziwa, choncho tiyeni tikonze zimene zingatheke. Chitini chija chisunthireni kumayambiriro kwa shifiti, ndipo ikakwana 1 koloko usiku musamwenso chilichonse cha kafeini, ngakhale tiyi wamphamvu. Tulo tikakuvutani cha m'ma 4, yendani, sambani kumaso, khalani powala. Pobwerera m'takisi valani magalasi akuda kuti dzuwa lisadzutse wotchi ija. Kunyumba tsekani zenera ndi bulangete lochindikala kapena makatoni mpaka dzanja lisaoneke, ndipo gulani totsekera m'makutu ku famase, n'totsika mtengo. Idyani pang'ono musanagone kuti njala isakudzutseni.

Chimene chimathandiza alonda ambiri amene ndawaona ndi kugona kawiri. Ngati 12 koloko mwadzuka, musalimbane nazo. Dzukani, idyani, chitani zina, kenako cha m'ma 2 koloko mugonenso ola limodzi ndi theka, komwe ndi kuzungulira kumodzi kwathunthu, ndipo nthawi imeneyo thupi limakhala kale ndi kaulesi kachilengedwe. Maola 4 asanduka 5 ndi theka, ndipo pa masiku anayi mwadula ngongole ija pakati. Tsiku loyamba lopuma, gonani m'mawa monga mwa masiku onse, masana mukhale panja padzuwa, usiku mugone cha m'ma 9 kapena 10 osamwa mowa. Milungu iwiri yoyamba maloto akhoza kuchuluka kaye pamene thupi likubweza ngongole. Musabwerere m'mbuyo poganiza kuti zalephereka.

Gonani cham'mbali, chifukwa kupanikizidwa kumakonda wogona chagada. Pilo kapena chikwama kumsana chimathandiza kuti musatembenuke. Zikakugwirani, musalimbane ndi thupi lonse, kulimbanako kumangokulitsa mantha ndi kulemera kwa pachifuwa. Dziuzeni mumtima kuti ndi zija, zitha posachedwa, pakuti zimatenga masekondi kapena mphindi zochepa ngakhale zimaoneka ngati ola. Pumani modekha, yendetsani maso, ndipo yesani kugwedeza chala chimodzi chokha. Ngati mumagona ndi wina m'chipinda, muuzeni kuti akamva mukubuula akugwireni paphewa, chifukwa kukhudzidwa kawirikawiri kumamasula msanga. Zikatha dzukani mukhale tsonga mphindi zingapo, popeza wogonanso pompo nthawi zina zimamubwerera.

Pali zizindikiro zina zimene mukaziona musadikire. Ngati tulo timakugwirani mwadzidzidzi muli pakati polankhula kapena kudya ngakhale mwagona mokwanira, makamaka ngati mukaseka kwambiri maondo amalefuka kapena mutu umagwa, pakufunika kuyeza matenda otchedwa nakolepusi, amene REM imalowerera masana, ndipo mankhwala ake alipo. Ngati ogona nanu akuti mumaliza mkonono kwambiri, kupuma n'kumaima kenako n'kudzidzimuka ngati mwatsamwa, ndipo mumadzuka mutu ukuwawa, mwina njira ya mpweya imatsekeka kutulo. Vuto limenelo limadula tulo kambirimbiri ndipo limakweza kuthamanga kwa magazi. Ngati mudzuka mutadziluma lilime kapena mutakodzedwa, imeneyo ingakhale khunyu ya usiku. Ngati chifuwa chimapweteka kapena mpweya umachepa muli maso ndithu mukuyenda, imeneyo si nkhani ya tulo, pitani tsiku lomwelo. Ndipo ngati mukasiya mowa manja amanjenjemera ndi kutuluka thukuta, musausiye mwadzidzidzi panokha, kaonaneni ndi achipatala.

Palinso vuto lotembenuza lanuli, limene ndikufuna owerenga achikulire alidziwe. Inu thupi limakhala lomangidwa mutadzuka, koma ena silimangidwa n'komwe pamene akulota, ngati amphaka a Jouvet aja. Amamenya nkhonya, kuponda mateche, kugwa pabedi, ndipo akadzutsidwa amasimba loto logwirizana ndi zimene amachitazo. Zimakonda abambo opitirira zaka 50, ndipo zimafunika dokotala wa mitsempha chifukwa nthawi zambiri zimatsogolera matenda a Parkinson ndi zaka zingapo.

Simunanene ngati munakumanapo ndi zoopsa pantchito, koma ndifunse, popeza alonda ambiri amazisunga mumtima. Ngati munalozedwa mfuti kumaso, kumangidwa, kapena kuona mnzanu akuvulazidwa, ndipo loto likubwereza chochitika chomwecho pafupifupi mmene chinalili, zimenezo ndi zosiyana ndi maloto wamba othamangitsidwa. Ndi bala la m'maganizo, ndipo limachizika. Njira imodzi imene alangizi amagwiritsa ntchito ndi yoti masana munthu alembe lotolo, asinthe mathero ake mmene akufunira, n'kumaliona m'maganizo mwatsopanomo mphindi 10 kapena 20 tsiku lililonse. Zimamveka zophweka, koma zayesedwa ndipo zimachepetsa maloto oopsa pa anthu ambiri. Bungwe la SADAG, loona za umoyo wa m'maganizo, limene lili konkuno ku Joni, limathandiza pafoni ndipo lingakulozereni kwa alangizi.

Mankhwala ena nawo amasintha maloto. Mwa mankhwala otalikitsa moyo, efavirenzi amadziwika kwambiri ndi maloto owala ndi odabwitsa, makamaka milungu yoyamba kapena akamwedwa ndi chakudya chamafuta. Anthu ambiri tsopano anasinthidwa kupita ku TLD, amene kwa ena amachedwetsa tulo akamwedwa usiku. Ena a kuthamanga kwa magazi ndi ena a matenda a nkhawa amachitanso chimodzimodzi. Ngati mukumwa aliwonse, musasiye, koma auzeni anamwino kuti aone ngati nthawi yomwera ingasinthe. Mapilitsi ogonetsa ogula pakona ndikukuletsani, amazolowereka msanga ndipo mukawasiya maloto amabwerera moposa.

Yesani zimene ndanenazi kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Zikapitirira kamodzi kapena kuposa pa mlungu, kapena mukayamba kuopa bedi, yambirani ku kiliniki ya m'dera lanu. Iwo ndi amene angakutumizeni ku chipatala cha South Rand komweko ku Rosettenville, kapena cha Charlotte Maxeke ngati pakufunika akatswiri a mitsempha. Dziwaninso kuti lamulo la ntchito la dziko lino la South Africa la 1997 limapatsa wogwira ntchito usiku kawirikawiri ufulu wopempha kuyezedwa ndi dokotala, wolipira n'kukhala bwana. Popita, tengani kope limene mwalembamo kwa milungu iwiri: nthawi imene munagona, imene munadzuka, zimene munamwa ndi ola lake, mmene munagonera, ndi tsiku lililonse limene munapanikizidwa. Kope limenelo limatiuza zambiri kuposa kuyeza magazi, ndipo kawirikawiri mwini wake amakhala ataona kale yekha masiku amene zimamugwira asanafike n'komwe pakhomo pathu.